Lipoti la taitireshoni likakana: momwe mungapezere pomwe palakwika

Ndimaphunzitsa Kemisitiri pasukulu ina ya sekondale kuno ku Salima, ndipo chaka chilichonse malipoti a taitireshoni amabwera ndi matenda omwewo. Wina manambala ake amwazikana, wina agwirizana bwinobwino koma ali kutali ndi a kalasi yonse, wina wafufuta ndi kulembanso mpaka pepala kubooka. Pansi pa lipoti, pomwe pamayenera kukhala magwero a zolakwika, pafupifupi onse amalemba mawu awiri omwe aja: hyumani era. Mawu amenewo sindipereka nawo malikisi.

Cholakwika chilichonse pa taitireshoni chimakankhira taita mbali imodzi, kuikweza kapena kuitsitsa. Taita ndi kuchuluka kwa madzi omwe atuluka mu byureti mpaka mtundu utasintha. Mukadziwa mbali yomwe nambala yanu yapendekera, mwatsala pang'ono kugwira wakuba.

Kuti tisasochere, nditsatira ntchito imodzi yokha. Mu byureti muli asidi wa HCl wa 0.100 mol/dm³. Mu fulasiki mwaikidwa 25.0 cm³ ya NaOH ndi pipeti, ndipo mphamvu ya NaOH imeneyi ndiyo tikuifuna. Indiketa ndi fenofutalini, yemwe amaonetsa pinki mu alikali koma mu asidi alibe mtundu. Ngati kwanu asidi ali mu fulasiki ndipo alikali ali mu byureti, zina mwa zomwe ndinene zitembenuka, ndiye ganizani kaye musanakopere.

## Manambala a taita sakugwirizana

Mataita awiri timati agwirizana akasiyana osapitirira 0.10 cm³. Dontho limodzi la mu byureti ndi pafupifupi 0.05 cm³, ndiye mukuona kuti mpata wake ndi wa madontho awiri basi. Nazi zotsatira zofanana ndi zomwe ndimaziona kawirikawiri:

| | Yoyesera | 1 | 2 | 3 |
|---|---|---|---|---|
| Pomaliza (cm³) | 23.10 | 45.50 | 23.40 | 45.90 |
| Poyamba (cm³) | 0.00 | 23.10 | 0.50 | 23.40 |
| Taita (cm³) | 23.10 | 22.40 | 22.90 | 22.50 |

Pano 22.40 ndi 22.50 agwirizana. 22.90 ndi mlendo. Zomwe zimabweretsa mlendo wotere, kuyambira chofala kwambiri:

- Kupitirira malire, pomwe mtundu umasinthira. Pinki akangotha, fulasiki imaoneka chimodzimodzi kaya mwaonjezera dontho limodzi kaya madontho khumi, chifukwa madzi oyera sayeranso kawiri. N'chifukwa chake pali taita yoyesera. Ikakupatsani 23.10, pa zotsatirazo tsegulani mpopi mofulumira mpaka mutatulutsa pafupifupi 21 cm³, kenako dontho limodzilimodzi, mukuzunguza fulasiki osaleka.
- Kusinthana maso. Kwathu kuno byureti imodzi imazunguliridwa ndi ana ambiri, ndipo aliyense amafuna kugwirako. Wamtali akawerenga akuyang'ana chotsika amapeza nambala yochepa, wamfupi akuyang'ana chokweza amapeza yokulirapo. Diso likhale mulingo umodzi ndi pansi pa menisikasi, kachigwa kaja ka pamwamba pa madzi. Munthu mmodzi awerenge poyamba ndi pomaliza pomwe.
- Kuwerenga byureti chafufumimba. Manambala a byureti amakula potsika. Menisikasi ikakhala pakati pa 23 ndi 24, ena amayambira pa 24 n'kuwerenga chokwera, 23.40 n'kusanduka 24.60. Mukaona taita imodzi yadumpha ndi pafupifupi 1 cm³ yathunthu, kayikirani apa.
- Mpopi ukudontha. Tsekani, pukutani nsonga, dikirani mphindi ziwiri, muone ngati menisikasi yatsika.

Pansi pa fulasiki ikani thailo loyera, likasowa pepala loyera likwanira. Mabenchi athu ndi a matabwa ofiirira, ndipo pinki wofooka pa thabwa lotere saoneka n'komwe.

Chokonza chake ndi kubwereza, osati kufufuta. 22.90 akhale momwemo m'tebulo, mungosonyeza kuti simunamugwiritse ntchito powerengera avereji, ndipo munene chifukwa. Lipoti lomwe mataita ake onse ndi 22.50, 22.50, 22.50 kuchokera kwa mwana amene wagwira byureti koyamba limandipatsa mafunso ambiri kuposa lomwe lili ndi mlendo mmodzi.

## Manambala agwirizana koma taita yakwera kuposa ya anzanu onse

Apa m'pamene ambiri amanyengedwa. Kugwirizana kwa manambala kumangosonyeza kuti mwachita chinthu chimodzimodzi katatu, ndipo chinthucho chikhoza kukhala cholakwika chomwecho katatu.

- Byureti yatsukidwa ndi madzi okha. Madontho otsalira m'kati amasungunula asidi, asidi wofooka amafunika wambiri, taita n'kukwera. Mukatsuka ndi madzi, tsukaninso ndi asidi pang'ono yemwe mumugwiritse ntchito, mumutulutsire kunsonga. Chizindikiro chake n'chakuti mukadzazanso byureti kachiwiri, mataita amatsika.
- Thovu la mpweya kunsonga. Pansi pa mpopi pamakonda kutsala mpweya. Ukatuluka pakati pa ntchito, menisikasi imatsika koma asidi wa malo amenewo sanalowe mu fulasiki. Musanawerenge poyambira, tsegulani mpopi mwamphamvu kamphindi mu bika yotayiramo, muyang'ane nsongayo ku kuwala kwa pawindo.
- Fulasiki yatsukidwa ndi NaOH. Ana ambiri amamva lamulo la byureti ndi pipeti n'kulitengeranso ku fulasiki. Ayi. Fulasiki imatsukidwa ndi madzi a disitiludi okha. Madzi otsalamo sasokoneza kanthu, chifukwa mamolo a NaOH omwe pipeti yathira sasintha ngakhale muwonjezere madzi. Koma madontho a NaOH otsala pa galasi ndi mamolo owonjezera omwe simunawayeze.
- Kuuzira dontho lomaliza la pipeti. Pipeti anaipanga kuti kadontho kaja kazitsala kunsonga. Ingogunditsani nsonga pa khoma la fulasiki, basi.

## Taita yatsika

- Pipeti yatsukidwa ndi madzi okha. NaOH yasungunuka, mu fulasiki mwalowa mamolo ochepa, asidi wofunika wachepa.
- Fanelo yaiwalidwa pamwamba pa byureti. Imapitiriza kudontheza asidi m'kati inu mukugwira ntchito, ndiye nambala ya pomaliza imaoneka yochepa. Ichotseni musanawerenge poyambira.
- Mwaima msanga. Pinki amatha pamalo pomwe asidi wagwera koma mukazunguza amabwerera. Malire ndi pomwe fulasiki yonse yayera itazunguzidwa.
- Mwayeza ndi silinda kapena bika m'malo mwa pipeti. Mizere ya pa bika ndi yongoyerekeza. Izi zikhoza kukweza kapena kutsitsa, ndipo ngati ndi zomwe munali nazo, lembani choncho pa zipangizo. Musalembe pipeti yomwe simunaigwire.

Tsopano ngati magulu onse m'kalasi apeza taita yotsika mofanana, vuto silili m'manja mwanu. Lili m'botolo, ndipo nkhani yake ndiibwerera pansipa chifukwa ndi yomwe imapatsa lipoti nyama.

## Mtundu sukusintha monga mwa m'buku

Fulasiki ilibe pinki kuyambira pachiyambi. Choyamba, mwaiwala indiketa, ndipo zimachitika kuposa momwe mungaganizire. Chachiwiri, mwasinthanitsa mabika n'kuthira asidi mu fulasiki, popeza madzi onse awiri ndi oyera mofanana. Lembani pa bika iliyonse musanathiremo kanthu. Kapepala ka litimasi kakuuzani msanga: kofiira kamasanduka kabuluu mu alikali.

Byureti yatha koma pinki akadalipo. Mwina mu byureti mulinso NaOH, mwina imodzi mwa mankhwalawo inasungunulidwa molakwika. Musaonjezere byureti yachiwiri ndi yachitatu mwachimbulimbuli. Itanani aphunzitsi.

Mtundu ukusintha pang'onopang'ono, malire osaoneka. Kawirikawiri indiketa yachuluka. Madontho awiri kapena atatu ndi okwanira. Nthawi zina indiketa siyoyenera ntchitoyo. Fenofutalini amasintha pakati pa pH 8.2 ndi 10, pomwe mefailo olenji amasintha pakati pa 3.1 ndi 4.4, wofiira mu asidi, wachikasu mu alikali. Pa HCl ndi NaOH onse awiri amagwira. Pa viniga ndi NaOH, fenofutalini yekha. Pa sodiyamu kaboneti ndi HCl timagwiritsa mefailo olenji. Mukaika fenofutalini pinki amatha ntchito ili pakatikati, ndipo taita imabwera theka.

Munaika alikali mu byureti, pinki anabwera kenako n'kuzimirira. Pinki wofooka akakhala masekondi 30, malire ndi amenewo, werengani. Akazimirira patapita mphindi zingapo ndi mpweya wa kaboni dayokusaidi womwe ukusungunuka m'madzimo. Musaonjezere dontho.

NaOH yachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Awa ndi madzi a pamjigo. Madzi a disitiludi akatha, chiyeso chotunga pamjigo chimakhala chachikulu, koma madzi a pansi panthaka amakhala ndi miyala yosungunuka, ndipo kuno kunyanja mijigo ina mchere wake umamveka ndi pakamwa pomwe. Kashiyamu ndi maginiziyamu zimagwirana ndi alikali n'kupanga fumbi loyera lija, ndipo mphamvu ya mankhwala imasokonekera. Ngati anagwiritsidwa ntchito ndi amenewo, lipoti linene.

## Taita ili bwino koma yankho la masamu ndi lachilendo

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi tebulo lija. Avereji imachokera pa mataita ogwirizana okha, ndipo yoyesera silowamo.

```
Avereji = (22.40 + 22.50) / 2 = 22.45 cm³
HCl + NaOH → NaCl + H2O        (1 : 1)
n(HCl)  = 0.100 × 22.45/1000 = 0.002245 mol
n(NaOH) = 0.002245 mol
c(NaOH) = 0.002245 / 0.0250 = 0.0898 mol/dm³
0.0898 × 40 = 3.59 g/dm³
```

Yerekezani ndi lanu.

- Lasiyana pang'ono, monga 0.0909. Mwaphatikiza mataita onse anayi pa avereji, n'kupeza 22.73.
- Lakula kapena kuchepa ka 1000. Mwaiwala kusintha cm³ kukhala dm³ pamalo amodzi. Imani kaye muganize: asidi ndi 0.100, ndipo 22.45 ndi 25.0 sizikusiyana kwambiri, ndiye yankho liyenera kukhala chapafupi ndi 0.1. Mukapeza 89.8, kalikuleta sinalakwe, mwalakwa ndinu.
- Lapitirira 0.100, monga 0.111. Mwasinthanitsa mavoliyumu awiriwo. Asidi wochepera 25 cm³ watha alikali wa 25 cm³, ndiye alikaliyo ayenera kukhala wofookerapo kuposa asidi.
- Ndi theka kapena kawiri. Ikweshoni sinalinganizidwe. Izi zimagwira ambiri asidi akakhala wa salifyuriki, chifukwa molo imodzi ya asidi ameneyu imadya mamolo awiri a NaOH.

```
H2SO4 + 2NaOH → Na2SO4 + 2H2O   (1 : 2)
```

Yankho lilembedwe ndi manambala atatu atanthauzo monga 0.0898, limodzi ndi mayunitsi ake. Kukopera mzere wonse wa pa kalikuleta ndi kunamizira kulondola komwe byureti yanu ilibe.

## Malikisi akutayika m'zigawo zoyamba za lipoti

Apa sindichedwapo, chifukwa zokonza zake n'zapafupi. Lipoti mumalemba m'Chingerezi, koma matenda ake ndi awa.

Cholinga chongoti "kuchita taitireshoni" sichinena kanthu. Nenani chomwe mukufuna kupeza ndi chomwe mukupezera: kupeza mphamvu ya NaOH pogwiritsa ntchito HCl wa 0.100 mol/dm³.

Zipangizo zikhale ndi kukula kwake: byureti ya 50 cm³, pipeti ya 25 cm³ ndi chopopera chake, fulasiki ya 250 cm³, sitandi ndi kilampu, fanelo, thailo loyera. Mankhwala alembedwe ndi mphamvu zake, indiketa itchulidwe dzina.

Ndondomeko inene zomwe zinachitikadi, kuphatikizapo chomwe munatsukira chipangizo chilichonse, madontho angati a indiketa, ndi mtundu womwe unasintha kuchoka pati kupita pati.

Tebulo la zotsatira likhale ndi poyamba, pomaliza ndi taita, osati taita yokha. Manambala onse akhale ndi malo ofanana pambuyo pa dontho, 0.00 si 0, ndipo 22.50 si 22.5. Ngati aphunzitsi anu kapena pepala la mayeso a MANEB lanena kalembedwe kena, tsatirani kameneko, bola musasakanize. Lembani m'tebulo nthawi yomweyo mukuwerenga. Ndaonapo manambala atalembedwa pachikhatho, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kuno thukuta silichedwa kuwanyambita.

## Gawo lokambirana ndi magwero a zolakwika lili mbee

Gawo ili ndi lomwe limasiyanitsa amene wamvetsa ndi amene wangotsatira anzake, ndiye tikhalepo pang'ono.

Tinene kuti aphunzitsi anakonza NaOH poyeza magalamu 4.0 n'kusungunula mpaka kukwana 1 dm³. Molo imodzi ya NaOH ndi magalamu 40, ndiye pa pepala mphamvu yake ndi 0.100 mol/dm³, ndipo taita imayenera kukhala 25.00 cm³. Inu mwapeza 22.45, kutanthauza 0.0898. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 10 peresenti. Apa m'pamene mwana amagwidwa mantha n'kuyamba kukankhira manambala ake ku 25. Musatero. Funsani kaye kuti n'chiyani chomwe chingathe kubweretsa 10 peresenti.

Kodi ndi kuwerenga byureti? Kuwerenga kumodzi kukhoza kuphonya ndi 0.05 cm³, ndipo pa taita iliyonse mumawerenga kawiri, ndiye 0.10 cm³.

```
0.10 / 22.45 × 100 = 0.45 %
```

Sizikufika ngakhale theka la peresenti imodzi. Pipeti nayo imaphonya mochepera pamenepa. Mukaziphatikiza simufika peresenti imodzi, ndiye zipangizo sizingafotokoze 10. Kupitirira malire nakonso sikungakhale chifukwa, popeza kumakweza taita pomwe yanu yatsika. Kulemba "tinapitirira malire" pa lipoti lotere ndi kudzitsutsa nokha, ndipo ndimaziona chaka ndi chaka. Kutentha nakonso ena amakunamizira. N'zoona kuti pa galasi pamalembedwa 20 °C pomwe labu yathu imatentha kuposa apo, koma kusintha komwe kumabwera n'kochepa kwambiri, sikungayandikire 10 peresenti.

Mwa otsala, okayikitsa kwambiri ndi awiri: pipeti yonyowa ndi madzi, kapena NaOH yeniyeniyo. Pitani mukafunse magulu ena. Ngati ndinu nokha otsika, ndi pipeti yanu. Ngati onse ali pa 22 ndi kanthu, ndi NaOH.

NaOH ndi mankhwala osakhulupirika pa sikelo. Timibulu take timayamwa chinyezi cha mumpweya. Tisiyeni pa galasi mphindi zochepa muone tikunyezimira, kenako tikumatirira. Magalamu 4.0 omwe sikelo yaonetsa, ena mwa iwo ndi madzi. Kuwonjezera apo NaOH imayamwa kaboni dayokusaidi n'kusanduka sodiyamu kaboneti, ndipo ufa woyera womwe mumauona pakamwa pa botolo lakale ndi umenewo.

```
2NaOH + CO2 → Na2CO3 + H2O
```

Mamolo awiri a NaOH akanadya mamolo awiri a HCl. Atasanduka molo imodzi ya kaboneti, pofika pomwe fenofutalini amayera amakhala atadya molo imodzi yokha. Zonse ziwiri, chinyezi ndi mpweyawo, zimatsitsa taita, mbali yomweyo yomwe nambala yanu yapendekera. N'chifukwa chake NaOH sitiikhulupirira mphamvu yake mpaka titaiyeza ndi taitireshoni, ndipo 0.0898 yanuyo ikhoza kukhala yoona kuposa 0.100 yolembedwa pa botolo.

Ndiye cholakwika chilichonse chomwe mulembe chikhale ndi zinthu zitatu: chinachitika n'chiyani, chinakankhira taita ndi yankho mbali iti, ndipo mungachipewe bwanji. Mwachitsanzo: "Taita yachiwiri, 22.90 cm³, inakwera chifukwa asidi anathiridwa mofulumira pafupi ndi malire. Sinalowe mu avereji. Pobwereza tinathira dontho limodzilimodzi kuyambira pa 21 cm³." Zolakwika ziwiri zolembedwa chonchi zimaposa mndandanda wa zisanu ndi zitatu zokopera m'notsi za mkulu wanu. Ndipo chomwe mukanatha kuchikonza pomwepo, monga kutaya theka la NaOH pa benchi, si gwero la cholakwika. Pamenepo mumangotaya n'kuyambiranso.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana aphunzitsi kapena woyang'anira labu

- Mankhwala alowa m'diso. Tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, chikope chili chotsegula, wina akuthamangira aphunzitsi. Kenako kuchipatala, ngakhale ululu utachepa, ndipo mukanene dzina la mankhwalawo. Alikali amawononga diso mozama kuposa momwe amapwetekera poyamba. Chidebe cha madzi oyera chikhale pafupi ntchito isanayambe, popeza mipopi yathu siidalirika.
- Palibe chopopera cha pipeti. Musayamwe ndi pakamwa. Ngati wina wayamwa kale n'kulowa m'kamwa, alavule, achukuche ndi madzi kambirimbiri, aphunzitsi adziwe. Ngati wameza, musamusanzitse, apite kuchipatala.
- Khungu likuterera ngati sopo. Ndi NaOH ikudya khungu. Sambani ndi madzi ambiri mpaka kuterera kutatha, osathirapo asidi.
- Mpopi wa byureti wauma, kapena galasi lili ndi mng'alu. Osakakamiza. Byureti imathyokera m'manja pomwe pali mpopipo. Alikali akagonamo mu byureti ya mpopi wagalasi ndiye amaumitsa chonchi, n'chifukwa chake timatsuka tisanaweruke.
- Mankhwala atha ndipo pakufunika kusungunula asidi wamphamvu wa m'botolo lalikulu, kapena timibulu ta NaOH. Si ntchito ya wophunzira. Zonse ziwiri zimatulutsa kutentha, ndipo asidi amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi.
- Botolo lilibe chizindikiro. Osanunkhiza, osayesa. Lisiyeni pomwepo.

Podzaza byureti, itsitseni pa mpando kapena pansi kuti fanelo ikhale m'munsi mwa maso anu, muyambe mwaona kuti mpopi ndi wotseka, ndipo bika yotayiramo ikhale pansi pa nsonga.